Theka la ola lobisala m'chidziwitso cha pa bolodi

Pali pepala lina limene limapachikidwa pa bolodi m'maofesi ambiri, ndipo nthawi zambiri limakhala la mizere iwiri yokha. Limati: "Tikudziwitsa ogwira ntchito onse kuti kuyambira mwezi wamawa tiziweruka 5:30, koma Lachisanu tiziweruka 12 koloko. Oyang'anira." Amene walemba amaona kuti wamaliza. Amene akuwerenga ndiye amayamba kufunsana m'makonde, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro pamakhala patabadwa nkhani zitatu zosiyana za chimene pepalalo likutanthauza.

Pepala limeneli limandivutitsa maganizo chifukwa nkhani yake ndi yabwino, anthu ambiri angaikonde, koma kalembedwe kake ndi kamene kamaiwononga. Tiyeni tilitenge, tiliike pa tebulo, tilikonze mpaka lifike poti munthu aliyense angaliwerenge n'kudziwa nthawi yonyamukira kunyumba osafunsa mnzake.

## Ofesi imene tikuyerekezera

Titenge kampani yaing'ono yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe, ya anthu 14. Asanu ndi atatu ndi a mu ofesi: a akaunti, a kauntala, mlembi ndi ena. Awiri ndi a ku nyumba yosungira katundu, amene aliyense amangowatchula kuti a ku sitolo. Pali dalaivala mmodzi, mayi mmodzi wosesa ndi kukonza tiyi, ndi alonda awiri osinthana.

A mu ofesi amalowa 7:30 m'mawa, amapuma kuyambira 12:00 mpaka 1:00, n'kuweruka 4:30 madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Amenewo ndi maola 8 pa tsiku, 40 pa sabata. Bwana akufuna kuti Lachisanu anthu aziweruka masana, chifukwa masana a tsikuli makasitomala amachepa, ena mwa antchito amapita ku mzikiti, ena amafuna kukafika kumudzi kusanade. Maola otayikawo akufuna awabweze powonjezera ola limodzi Lolemba mpaka Lachinayi. Ganizo lake ndi limenelo, ndipo ndi limene linabala pepala la mizere iwiri lija.

## Yambani ndi samu, osati ndi mawu

Musanalembe liwu limodzi, tengani cholembera muwerengetse maola. Lolemba mpaka Lachinayi, kulowa 7:30 ndi kuweruka 5:30 ndi maola 10 pa ofesi. Chotsani ola la nkhomaliro, atsala 9. Masiku anayi, ndiye 36. Lachisanu, kuyambira 7:30 mpaka 12:00 ndi maola 4 ndi theka, opanda nkhomaliro pakati. Mukaphatikiza mupeza 40 ndi theka.

Theka la ola lawonjezereka, ndipo palibe amene anafuna kuti liwonjezereke. Bwana anangoona kuti 12 koloko ndi nthawi yooneka bwino pa pepala. Koma theka limeneli silikhala lobisika kwa nthawi yaitali, chifukwa pa ofesi iliyonse pamakhala munthu mmodzi wa masamu amene amawerengetsa zonse kuseri kwa risiti, ndipo akangolipeza, nkhani yonse imasanduka yakuti "akutibera."

Wina anganene kuti mphindi 30 n'zosadandaulitsa. Ziwerengeni pa chaka: masabata 52 akupatsani maola 26, amene ndi masiku atatu a ntchito ndi maola awiri pamwamba. Tiyerekeze kalaliki amene amalandira K352,000 pa mwezi. Tikagawa ndi maola 176, kutanthauza masiku 22 a maola 8, ola lake ndi K2,000. Lamulo la za ntchito la dziko lino la chaka cha 2000, pa gawo 39, limati nthawi yogwira ntchito kupitirira maola a nthawi zonse pa tsiku la ntchito ndi ovataimu, ndipo ola lake limalipidwa ngati ola limodzi ndi theka. Ndiye ola la kalaliki uja likhala K3,000, maola 26 akhala K78,000. Anthu asanu ndi atatu a malipiro ngati amenewa, ndalama yake ikudutsa K600,000 pa chaka, yochokera pa chidziwitso chimene wolemba ankati sichikukhudza ndalama.

Kukonza kwake n'kosavuta mukalipeza msanga. Njira imodzi ndi yoti Lachisanu aziweruka 11:30, maola 4 ndendende, zonse zikwana 40. Njira ina ndi yoti Lolemba mpaka Lachinayi aziweruka 5:00, amene ndi maola 8 ndi theka pa tsiku, 34 pa masiku anayi, ndipo Lachisanu azigwira maola 6 osapuma, kuyambira 7:30 mpaka 1:30. Njira yachiwiriyi imaoneka yofewa, koma kwa kampani yathuyi ikupha cholinga, chifukwa 1:30 mapemphero a Lachisanu amakhala atayamba kale. Ndiye tisankha 11:30. Sinambala yokongola, koma ndi yoona.

Samuyi musaisunge mu kabati. Ilembeni m'chidziwitso momwemo, mzere umodzi wokha: maola 9 masiku anayi ndi maola 4 Lachisanu, onse pamodzi 40, monga kale. Munthu akaona kuti mwawerengetsa pamaso pake, kukayikira kumachepa.

## Mawu akuti "onse"

Lolemba m'mawa pepala lija litangopachikidwa, mayi wosesa aima pa bolodi, chokolopera chili m'manja, akuliwerenga pang'onopang'ono ndi chala. Iwo amalowa 6:30 kuti ena akamafika apeze pansi pauma ndi madzi a tiyi atawira, ndipo amaweruka 3:30. Akamaliza kuwerenga agogoda pa chitseko cha mlembi.

"Pepani achemwali, ndifunse nawo. Apa alemba kuti onse. Ndiye ineyo ndizilowabe 6:30 n'kuweruka 5:30?"

Mlembi ayang'ana pepalalo, sakupeza yankho. "Dikirani mayi, ndikawafunse bwana."

"Mukawafunsenso za Lachisanu. Anthu akaweruka 12, ine nditsala ndekha mpaka 3:30? Nanga makiyi ndizisiyira ndani?"

Mafunso awiri amenewa akuonetsa vuto lalikulu kuposa theka la ola. Mayiwa akatsatira pepala mmene lalembedwera, azikhala pa ntchito maola 11, kuchotsa nkhomaliro atsala 10, pomwe bwana sanaganizeko za iwo n'komwe. Liwu lakuti "onse" linalembedwa ndi munthu amene m'mutu mwake munali anthu asanu ndi atatu okhala pa madesiki.

A ku sitolo nkhani yawo ndi yolimba kwambiri, chifukwa ikukhudza lamulo. Iwo ndi dalaivala amagwira masiku asanu ndi limodzi, Loweruka mpaka 12:00. Gawo 37 la lamulo lija limati amene amagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata asapitirire maola 8 pa tsiku ngati maola ake a nthawi zonse, pomwe wa masiku asanu malire ake ndi maola 12. Alonda ndi ogwira mashifiti nawonso malire awo ndi maola 8. Choncho tsiku la maola 9 ndi lololedwa kwa a mu ofesi, koma simungawakokeremo a ku sitolo ndi liwu limodzi. Gawo 36 limaikanso malire a maola 48 pa sabata, osawerengera ovataimu. A ku sitolo ali kale pa 44 ndi theka. Mukawaonjezera ola masiku anayi osawachotsera masana a Lachisanu, afika 48 ndi theka, mwadumpha mzere.

Ndiye chidziwitso chabwino chimatchula magulu awiri m'maina a ntchito zawo: amene akukhudzidwa, ndi amene sakukhudzidwa. Gulu lachiwirili ndi limene olemba ambiri amaiwala, poganiza kuti amene sanatchulidwe adziwa okha. Sadziwa okha. Ena amatsatira pepala n'kugwira maola osayenera, ena amalinyalanyaza n'kumaonedwa ngati amwano. Lembani poyera kuti alonda, a ku sitolo, dalaivala ndi wosesa apitiriza ndi nthawi zawo zakale, ndipo mulembenso nthawi zakalezo, ngakhale aliyense akuzidziwa.

Funso la makiyi lija limabweretsanso lina limene bwana ayenera kuliyankha asanapachike kalikonse. Sitolo ikhala yotsegula Lachisanu masana, koma wolandira ndalama waweruka 11:30. Kasitomala akabwera 2 koloko kufuna matumba 20 a simenti, alipira kwa ndani? Mayankho ndi awiri basi. Mwina muika munthu mmodzi wa pa kauntala wotsalira mosinthana, amene maola ake a masanawo ndi ovataimu, kapena munena kuti masana a Lachisanu sitolo izitulutsa katundu wolipiridwa kale yekha. Chilichonse chimene mwasankha chilowe m'chidziwitso. Mukachisiya, wa ku sitolo adzayamba kulandira ndalama m'manja chifukwa chomvera chisoni kasitomala wochokera kutali, ndipo tsiku lina ndalama zikadzasowa mlandu udzagwera iye.

## Tsiku, osati "mwezi wamawa"

Pepala limakhala pa bolodi miyezi yambiri. Amene anali pa tchuthi akabwerako n'kuwerenga kuti "mwezi wamawa" sangadziwe kuti ndi mwezi uti, makamaka ngati pepalalo lilibe deti. Lembani dzina la tsiku, deti, mwezi ndi chaka, zonse pamodzi: Lolemba pa 1 Juni 2026. Mukalemba, tsegulani kalendala mutsimikize kuti detilo likugweradi pa tsiku mwatchulalo. Kulemba kuti Lolemba pomwe detilo ndi la Lachiwiri kumagawa ofesi pakati, ena akutsatira tsiku, ena deti. Musalembenso 1/6/2026, chifukwa makompyuta ena amaika mwezi patsogolo ndipo wina awerenga kuti 6 Januwale.

Yambitsani Lolemba nthawi zonse. Mukayambitsa Lachisanu, anthu adzaweruka 11:30 asanagwire maola owonjezera aja, sabatayo ikhala ya maola 36. Mukayambitsa Lachitatu, masamu a sabata imeneyo sakwananso. Ndipo n'kwabwino kutchula padera Lachisanu loyamba loweruka msanga, pano ndi pa 5 Juni, chifukwa ndi tsiku limene aliyense akulidikira. Mukapanda kulitchula, ena adzaweruka 11:30 pa 29 Meyi, akuti nkhani inamveka kale.

Nthawi nayo ilembedwe ndi mawu ake: 7:30 m'mawa, 12:00 masana, 5:30 madzulo. Pa ofesi ya masana okhaokha zimaoneka zosafunika, koma pamene pali alonda, "6 koloko" ili pawiri.

Nanga chidziwitso chituluke liti? Ine ndimati masabata anayi tsikulo lisanafike, osachepera. Chifukwa chake ndi chakuti moyo wa munthu wa pa ntchito umayenda pa mwezi. Wa kabaza amene amakatenga mwana ku sukulu ya mkaka analipidwa kale mwezi wonse pa nthawi inayake. Mtsikana wolera mwana amaweruka 5 koloko, ndipo kumuuza kuti azidikira mpaka 6:30 kufunika kukambirana, mwina n'kumuwonjezera kangachepe. Wina amachita maphunziro a madzulo oyamba 5:00, fizi analipira kale. Zonsezi zimasinthika pa mapeto a mwezi, osati pakati. Ndiye ngati kusintha kuyamba pa 1 Juni, chidziwitso chituluke Lolemba pa 4 Meyi.

## Bolodi silisintha kontrakiti

Apa ndi pamene oyang'anira ambiri amapunthwa mosadziwa. Lamulo limati maola a ntchito a munthu alembedwe mu mgwirizano wake wa ntchito. Tsegulani mafayilo muone mmene makalata olembera anthu ntchito ananenera. Ngati kalata ikuti "maola 40 pa sabata, pa nthawi zimene kampani idzaika," muli ndi mpata. Koma ngati ikuti "7:30 mpaka 4:30, Lolemba mpaka Lachisanu," ndiye kuti nthawi imeneyo ndi mbali ya mgwirizano umene anthu awiri anasaina, ndipo pepala la pa bolodi, losainidwa ndi mbali imodzi, silikwanira kuusintha. Pamafunika kukambirana, kenako kalata yaifupi kwa munthu aliyense yoti asaine kuti wavomera, kope lina lilowe mu fayilo, lina atenge. Kumene kuli bungwe la ogwira ntchito limene kampani inalivomereza, atsogoleri ake amve nkhaniyi isanafike pa bolodi.

Pali kusiyana pakati pa kusaina kuti "ndawerenga" ndi kusaina kuti "ndavomera." Ndandanda ya maina imene imazungulira mu ofesi, aliyense n'kuikapo siginecha, imangosonyeza kuti uthenga unafika. Nkhani ikadzapita ku ofesi ya zantchito ya pa boma kapena ku khothi loona za anthu apantchito, ndandandayo sidzasonyeza kuti munthu anagwirizana nazo. Pamwamba pa pepala losainapo lembani chimodzi mwa ziwirizi momveka, ndipo musamunamize munthu kuti akungosainira kulandira pomwe mawu ake akuti wavomera.

Kukambirana kuli ndi phindu lina loposa la lamulo: kumatulutsa zinthu zimene wokhala pa mpando wa bwana sangazione. Mu Juni ku Blantyre dzuwa limalowa isanakwane 5:30. Amene ali ndi galimoto sazindikira kanthu. Koma mtsikana wa pa kauntala wokhala ku Bangwe, akaweruka 5:30 apeza mzere pa siteji, minibasi zadzaza, akatsika kwada, ndiye pali mtunda woyenda pansi, kunja kukuzizira. Kale ankafika kukuwala. Ameneyu sadzakana kusinthaku pamaso pa bwana, adzangoyamba kuzemba 5:00, ndipo pakatha mwezi adzalandira kalata ya chenjezo pa vuto limene likanatheka ndi mzere umodzi. Mzere wake ndi uwu: amene akufuna, Lolemba mpaka Lachinayi alowe 7:00 n'kuweruka 5:00, bola alembetse dzina. Maola ndi 9 omwewo.

N'chifukwa chake chidziwitso chizikhala ndi tsiku lomaliza kulandira maganizo, ndi munthu weniweni wokamuona, kutchula udindo wake ndi chitseko chake. Mawu akuti "amene ali ndi mafunso afunse oyang'anira" satumiza munthu kulikonse. Ndipo ngati zonse munamanga kale, palibe chimene chisinthe, musalembe kuti mukufuna maganizo. Anthu amazindikira msanga akamafunsidwa mwamwambo chabe, ndipo ulendo wina sadzayankhanso.

## Tchuthi ndi maholide

Masiku onse akakhala a maola 8, tsiku la tchuthi ndi tsiku basi. Akangosiyana, funso limabuka sabata yoyamba yomwe: ndikapempha Lachisanu, mundidula tsiku lathunthu kapena theka? Mukati lathunthu, munthu wataya tsiku lonse la tchuthi pa maola 4, ndipo palibe adzapemphe Lachisanu, onse azidzapempha Lolemba la maola 9. Mukati theka, sabata yathunthu ya tchuthi ikhala masiku anayi ndi theka m'malo mwa asanu, ndiye masiku a pa chaka atalika pang'ono. Makampani ena amathetsa zonsezi powerengera tchuthi m'maola, koma pa kampani ya anthu 14 yolemba tchuthi mu kaundula wa pamanja, zimenezo zimangobweretsa zolakwika. Kwa ine chapafupi ndi kusiya mmene zinalili: tsiku lililonse la ntchito ndi tsiku limodzi, Lachisanu lomwe, chifukwa pa sabata yathunthu zimakwanirana. Mungasankhe zina, koma musankhe, mulembe.

Holide ya boma nayo itchulidwe. Pa 6 Julayi 2026 ndi Lolemba, tsiku la maola 9. Sabata imeneyo anthu agwira maola 31, ndipo Lachisanu lake aweruka 11:30 monga mwa nthawi zonse. Nenani zimenezi pasadakhale, kuti pasadzapezeke woyang'anira wina wonena kuti popeza Lolemba munapuma, Lachisanu mugwire tsiku lonse.

## Chidziwitso chake

Zonse zija zikamangidwa, kulemba kumatenga mphindi zochepa. Mutu unene nkhani yonse, ngakhale munthu atawerenga mutu wokhawo akudutsa. Chiganizo choyamba chinene chimene chikusintha, kwa ndani, kuyambira liti. Chifukwa chake chibwere pambuyo, chachifupi ndi choona. Musayambe ndi ndime yothokoza anthu chifukwa cha khama lawo, chifukwa wowerenga akaona mawu otsekemera koyambirira amayamba kuyembekezera nkhani yoipa.

> KUSINTHA KWA NTHAWI YA NTCHITO KWA A MU OFESI KUYAMBIRA LOLEMBA PA 1 JUNI 2026
>
> Kwa: Ogwira ntchito onse
> Kuchokera kwa: Mkulu wa kampani
> Tsiku: Lolemba, 4 Meyi 2026
>
> Kuyambira Lolemba pa 1 Juni 2026, a mu ofesi (a akaunti, a kauntala, a zogulagula ndi mlembi) azigwira ntchito nthawi izi:
>
> Lolemba mpaka Lachinayi: kulowa 7:30 m'mawa, kuweruka 5:30 madzulo. Nkhomaliro 12:00 mpaka 1:00 masana.
> Lachisanu: kulowa 7:30 m'mawa, kuweruka 11:30 m'mawa.
>
> Nthawi yakale inali 7:30 mpaka 4:30 masiku onse asanu. Lachisanu loyamba kuweruka 11:30 ndi la pa 5 Juni.
>
> Maola a pa sabata sakusintha: maola 9 masiku anayi ndi maola 4 Lachisanu, onse pamodzi 40. Malipiro sakusintha. Ovataimu iziyamba kuwerengedwa ikadutsa nthawi yatsopano yowerukira. Pa tchuthi, tsiku lililonse la ntchito liziwerengedwa ngati tsiku limodzi, Lachisanu lomwe. Holide ya boma ikagwa mkati mwa sabata, nthawi ya masiku enawo sisintha.
>
> Amene akufuna kulowa 7:00 ndi kuweruka 5:00 Lolemba mpaka Lachinayi alembetse kwa mlembi pofika Lachisanu pa 22 Meyi.
>
> Awa sakukhudzidwa: a ku sitolo ndi dalaivala (7:30 mpaka 4:30, Loweruka mpaka 12:00), wosesa (6:30 mpaka 3:30) ndi alonda (mashifiti awo a nthawi zonse). Lachisanu masana ofesi izitsekedwa ndi wosesa, makiyi azisiyidwa kwa mlonda wa masana, onse awiri n'kusaina m'buku. Kauntala izisiya kulandira ndalama 11:00 Lachisanu, ndipo masana sitolo izitulutsa katundu wolipiridwa kale yekha.
>
> Tachita izi chifukwa masana a Lachisanu makasitomala amachepa, ndipo ambiri mwa inu munapempha mpata wa mapemphero ndi maulendo. Tiyesa kwa miyezi itatu, mpaka Lachisanu pa 28 Ogasiti, ndipo pofika pa 14 Ogasiti tidzakuuzani ngati tipitirize kapena tibwerere ku nthawi yakale.
>
> Amene izi zimuvuta aonane ndi woona za ogwira ntchito, chipinda choyandikana ndi a akaunti, pofika Lachisanu pa 15 Meyi. Aliyense wokhudzidwa alandira kalata yake yosaina mu sabata imene iyambe pa 18 Meyi.

Ndi lalitali kuposa la mizere iwiri lija, koma likukwana pa tsamba limodzi, ndipo liyenera kukwana. Likasefukira pa tsamba lachiwiri, tsambalo limathothoka pa bolodi kapena silijambulidwa pa foni.

Taonani kuti nthawi yakale yalembedwa kamodzi kokha, pansi pa yatsopano, ndipo yatchulidwa kuti ndi yakale. Mukaziika mbali ndi mbali m'zilembo zofanana, wowerenga mothamanga amatola iliyonse imene diso lagwerapo. Taonaninso kuti mulibe mawu oopseza. Chiganizo chakuti "wochedwa adzalangidwa" chilibe malo muno, malamulo a kuchedwa alipo kale ndipo sanasinthe. Mukachiika, nkhani imene inali mphatso imamveka ngati chilango.

Mzere wa ovataimu uja ndi wofunika kuposa mmene ukuonekera. Kale amene watsala mpaka 5:30 ankalemba ola limodzi la ovataimu. Tsopano ola limenelo ndi la nthawi zonse. Koma wotsala Lachisanu mpaka 1:30 walowa maola awiri a ovataimu, pomwe kale inali nthawi wamba. A akaunti asinthe fomu yawo tsiku lomwelo, apo ayi malipiro a Juni adzatuluka ndi madandaulo.

## Kufikitsa uthenga

Bolodi lokha silikwanira, gulu la pa WhatsApp lokha silikwaniranso. Mlonda wa usiku sadutsa pa bolodi la mkati, ndipo si onse ali ndi foni ya intaneti kapena bandulo tsiku limenelo. Pachikani pepala losainidwa ndi kudindidwa pa bolodi ndi pa geti, tumizani chithunzi cha pepala lomwelo pa gulu, ndipo Lolemba lomwelo muwerengereni anthu pa msonkhano wa mphindi khumi. Tumizani chithunzi, osati kulembanso mawu pa foni, chifukwa polembanso 11:30 imasanduka 12:00 ndipo mumakhala ndi zidziwitso ziwiri zotsutsana. Amene ali pa tchuthi, amene akudwala ndi mayi amene ali ku tchuthi cha uchembere aimbiridwe foni mmodzimmodzi, ndipo woimbayo alembe tsiku limene anaimba.

Ngati kampani imalemba zinthu zake m'Chingerezi, chidziwitso ichi chikhale m'zilankhulo zonse ziwiri pa pepala limodzi, ndipo wina amene sanalembe nawo afananize manambala a mbali ziwirizo, mzere ndi mzere.

Musanapachike, chiyeseni. Perekani pepalalo kwa anthu awiri amene sanali nawo pokonza, mmodzi wa mu ofesi ndi mmodzi wa kunja, monga dalaivala kapena mayi wosesa aja. Musawafunse ngati amva, chifukwa mwaulemu adzati amva. Afunseni kuti: Lachinayi pa 4 Juni muweruka nthawi yanji? Nanga Lachisanu pa 29 Meyi? Malipiro anu asintha? Wa mu ofesi ayenera kuyankha kuti 5:30, kenako 4:30, kenako ayi. Mayi wosesa ayenera kuyankha kuti 3:30 masiku onse awiri. Wina akazengereza kapena kubwerera pamwamba kukafufuza, onani pamene chala chake chaima, mukonze mzere umenewo, muyesenso ndi munthu wina.

Makasitomala ndi operekera katundu alembereni chawo chapadera, cha mizere itatu, chopachika pa geti ndi pa kauntala masabata awiri tsikulo lisanafike. Iwo za tchuthi ndi ovataimu sizikuwakhudza, akungofuna kudziwa kuti Lachisanu ndalama zilandiridwa mpaka 11:00 ndipo sitolo itseka 4:30. Chikwangwani cha pa chitseko, mawu a pansi pa invoisi ndi buku losainira polowa zisinthidwe Lachisanu pa 29 Meyi poweruka, ndipo pepala lililonse lakale lonena za 4:30 kwa a mu ofesi lichotsedwe pa bolodi madzulo omwewo.